Miyezi 9 ndi pulogalamu yolemba yokha mawu ofotokoza zithunzi

"Achemwali, pulogalamu yanu ija yotumiza zithunzi pa nthawi yake, n'kumalembanso yokha mawu oti anthu osaona amve, mukadali nayo? Inenso ndikufuna ndilipire ya chaka chonse."

Ndikadali nayo, koma ndalama ya chakayo igwireni kaye kumanja mpaka mumve zimene zinachitika mu Ogasiti.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndimasoka ku Limbe kuno, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa Facebook ndi Instagram. Lamulungu madzulo ndimakhala pansi n'kukonzeratu zithunzi 12 za sabata yonse, chilichonse ndi tsiku lake ndi ola lake. Mbali imeneyi ndilibe nayo dandaulo. Nthawi imasunga, magetsi azime kapena bandulo ithe, chithunzi chimatuluka ndithu chifukwa chinapita kale kwa eni pulogalamuwo. Kalendala yake ndi yosavuta, ngakhale mtsikana wondithandiza anaizolowera tsiku limodzi.

Koma ine chimene ndinalipirira madola 15 pamwezi si kalendala. Ndi azakhali anga a ku Chiradzulu, amene maso anawasiya ndi matenda a shuga zaka zapitazo. Foni amagwiritsa ntchito bwinobwino kudzera pa TalkBack, pulogalamu ya mu mafoni a Android imene imawerenga mokweza chilichonse chimene chala chafikapo. Ya pa foni yawo ikafika pa chithunzi siiona nsalu kapena nkhope, imangowerenga mawu obisika amene aikidwa kuseri kwa chithunzicho, omwe pa sikirini amalembedwa kuti `Alt text`. Tsiku lina anandiuza kuti, "Iwe, anzanga onse amanena za madiresi ako, ine ndimangomva kuti pali chithunzi." Mawu amenewo anandikhala pamtima. Nditaona kuti pali pulogalamu yolemba yokha mawuwo, sindinachedwe.

Pa zithunzi za zovala imalemba zoona koma zosathandiza wogula. Diresi la chitenje cha buluu chokhala ndi maluwa achikasu, lofika mu akakolo, la manja otukuka, iyo inangoti "A woman standing in a colorful dress." Palibe bodza, koma munthu wofuna kusoketsa sanamvepo kanthu. Ine ndinafufuta n'kulemba kuti: "Diresi lalitali lofika mu akakolo, chitenje cha buluu cha maluwa achikasu, manja otukuka ofika m'chigongono, lamba wa nsalu yomweyo." Sindiyamba ndi mawu oti "chithunzi cha", chifukwa foni imakhala yanena kale kuti ichi ndi chithunzi. Sinditalikitsanso. Masamba ena amapereka malo ambiri, X, yomwe kale inali Twitter, amalola zilembo 1,000, koma womvera amalandira mawu onsewo m'khutu ulendo umodzi, ndiye ziganizo ziwiri zimakwana. Chichewa pulogalamuyi sinandilemberepo, imafotokoza m'Chingerezi basi. Foni ya azakhali ili ndi liwu la Chingerezi ndipo Chichewa imachipotokola, koma iwo amati chikakhala chachifupi amachimva, ndipo amachikonda kuposa Chingerezicho.

Chimene chinandisangalatsa n'choti imawerenga mawu olembedwa m'kati mwa chithunzi. Ndikaika chikalata cha mitengo kapena chidziwitso, imakopera mawuwo, a Chichewa omwe, bola zilembo zikhale zooneka bwino osati zokhotakhota za pa makhadi a ukwati. Nditaona zimenezi ndinaikhulupirira kwambiri, moti zidziwitso ndinasiya kuziyang'ananso. Vuto linalowera pomwepo.

Mu Julayi ndinatulutsa chidziwitso chakuti Loweruka titsegula kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko. Pulogalamu inakopera bwino. Mu Ogasiti munali ukwati wa mwana wa achimwene, ndiye sitolo inayenera kutsekedwa Loweruka lonse. Pofuna kufulumira ndinatsegula chidziwitso cha Julayi chija, n'kudina `Duplicate`, n'kuchotsa chithunzi chakale, n'kuika chatsopano cholembedwa zilembo zikuluzikulu kuti Loweruka lino titseka. Pamwamba ndinangolemba kuti "Makasitomala athu, onani chidziwitso ichi." Chinatuluka Lachinayi m'mawa monga ndinakonzera, ndipo aliyense woona anawerenga zolondola.

Si azakhali amene anavutika, iwo za ukwatiwo ankazidziwa. Anali mnzawo wa kutchalitchi, mayi wosaonanso, amene azakhali anamuuza za ine. Mayiyo anamva foni yake ikunena kuti Loweruka titsegula 8 koloko mpaka 1 koloko. Anadzuka m'mamawa, anatenga nsalu zake ziwiri ndi mdzukulu womutsogolera, n'kukwera minibasi kuchokera ku Chiradzulu mpaka ku Limbe. Anapeza loko pachitseko. Mlonda wa sitolo yoyandikana ndi amene anandiimbira ndili m'kati mwa mwambo, akuti pali agogo akhala pakhonde panu kuyambira 9 koloko, nsalu zili pamiyendo, akuti mwina mwangochedwa. Thiransipoti ya anthu awiri, kupita ndi kubwerera, ndinawabwezera, ndipo nsaluzo ndinasoka ulere. Koma manyazi ake sanathe ndi ndalama.

Lolemba ndinatsegula tsambalo pa laputopu kuti ndione ndi maso anga. Pa Chrome mumadina chithunzi ndi batani lakumanja la mausi, n'kusankha `Inspect`, ndipo mzere wa chithunzicho umaonekera. Tikachotsa zina zosafunika, unali chonchi:

```html
<img alt="Loweruka lino titsegula 8 koloko mpaka 1 koloko">
```

Chithunzi chatsopano, mawu a Julayi. Pulogalamuyi imalemba mawuwo kamodzi, pamene mukuika chithunzi choyamba, kenako imawamangirira ku uthengawo osati ku chithunzicho. Mukasintha chithunzi bokosi la mawu limakhala lodzaza kale, ndiye iyo imaona ngati ntchito inatha. Sichenjeza, ndipo bokosilo limabisika kuseri kwa kabatani kakang'ono moti simungalione popanda kulifuna. Nditabwerera m'mbuyo ndinapeza mauthenga 7 otere mwa amene ndinakopera. Umodzi unali wa suti ya bambo yotuwa, koma womvera ankauzidwa kuti ndi mayi wovala diresi. Mbali ina ya mlanduwu ndi yanga ndipo ndikuivomera: nkhani yofunika ngati kutseka sitolo sinayenera kukhala m'chithunzi mokha. Panopa tsiku, ola ndi mtengo ndimazilembanso pamwamba, m'mawu amene aliyense amawerenga.

Eni pulogalamu ndinawalembera tsiku lomwelo. Patapita masiku 6 anayankha ndi kalata yokonzeratu yondiphunzitsa mmene ndingayatsire mawu ofotokoza zithunzi, chinthu chimene sindinafunse. Ndinalembanso, n'kutumiza kavidiyo kosonyeza sitepe iliyonse. Apo m'pamene anayankha munthu amene anawerengadi. Anati pulogalamuyi anaipanga dala choncho kuti isafufute mawu amene munthu walemba yekha, ndipo ndikasintha chithunzi ndizidina `Regenerate`. Chifukwa chakecho ndikuchimvetsa, inenso sindingakonde kuti mawu anga a diresi la buluu aja afufutidwe. Koma chikuwavuta n'chiyani kutulutsa kauthenga kofunsa kuti chithunzi chasintha, mawuwa akhale kapena achoke? Anati apereka ganizolo kwa okonza, n'kundipatsa mwezi umodzi waulere. Pofika lero palibe chasintha, ndinayesanso sabata yatha. Chinanso chimene sanandiuze n'choti kudina `Regenerate` kumadya pa chiwerengero cha zithunzi 100 zimene amalola pamwezi. Kwa ine zimakwana, koma inu amene mumaika nsapato zambirimbiri muwerengetsere.

Mwezi umenewo ndinatsala pang'ono kuisiya. Chinandibweza n'choti nditayesa kwa masabata awiri kulemba zonse pamanja, pa tsamba lililonse palokha, zithunzi zina zinatuluka zopanda mawu ndi amodzi omwe chifukwa cha kutanganidwa ndi maoda. Bokosi lokhala ndi mawu osakwanira limandikumbutsa kuti ndikonze, pamene lopanda kanthu ndimalidumpha.

Ndiye Lamulungu lililonse ndimawonjezera mphindi 20. Ndisanatseke laputopu ndimatsegula bokosi la chithunzi chilichonse, n'kuwerenga mawuwo chithunzi ndikuchiyang'ana, n'kudzifunsa ngati munthu womva mawu okhawa angathe kuitanitsa chovalachi kapena kufika pa tsiku loyenera. Batani la `Duplicate` ndinalisiyiratu, ndimayamba uthenga watsopano. Ndipo uthenga ukatuluka ndimaumvera pa tsamba lenilenilo, chifukwa zimene pulogalamu ikuonetsa si umboni woti mawuwo anafika. Pa foni mumalowa mu `Settings`, kenako `Accessibility`, n'kuyatsa `TalkBack`, ndipo mukamakoka chala kupita kumanja imadumphira pa chinthu chotsatira mpaka ifike pa chithunzi. Dziwiranitu kuti ikayaka chilichonse chimafuna kudina kawiri, apo ayi muvutika kuizimitsa. Pa laputopu ndinaika NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza ngati TalkBack, yomwe ndi yaulere, ndipo kudina `G` kumakufikitsani pa chithunzi chotsatira. Pa Facebook mukamva mawu oyamba ndi "May be an image of", dziwani kuti anu sanafike, amenewo walemba Facebook yekha, monga wakhala akuchitira kuyambira 2016. Zinandichitikirapo kawiri, pa mauthenga a zithunzi zingapo, pomwe choyamba chokha ndi chimene chinanyamula mawu anga.

Woyesa wanga weniweni ndi azakhali. Kamodzi pamwezi ndimawatumizira mayunitsi, iwo n'kumvera tsamba lonse n'kundiimbira. Ndi iwo amene anandiuza kuti ndisiye kulemba kuti "chokongola" m'mawu ofotokozawo, akuti ndiwauze mtundu ndi kasokedwe, kukongolako aweruza okha.

Tsopano za ndalama. Madola 15 ndi ochepa kwa eni akewo, koma ife timalipira ndi kwacha, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense wolipira zinthu zakunja amadziwa mmene khadi imapwetekera. Mwezi wathawu banki inadula ndalama yoposa imene ndimasokera siketi ziwiri. Pa mtengo wa chaka amachotsera miyezi iwiri, ndipo akhala akunditumizira makalata ondikopa, koma ndinawafunsa ngati angabweze yotsala ndikasiyira pakati, anati sabweza. Anthu amene anatenga masiku 6 kuti ayankhe funso limene sindinafunse, sindingawapatse ndalama ya miyezi 12 pamodzi. Inu lipirani mwezi umodzi, muike chithunzi, muchisinthe ndi china, mutsegule bokosi lija muone chimene chatsalamo. Ine ndinawalembera kuti tsiku limene adzaike kauthenga kochenjeza kaja ndidzalipira ya chaka, ndipo kalata imeneyo sanayankhebe.