Mizere iwiri ya pachikwangwani cha kalabu yathu

Kalabu yathu ya alimi kuno ku Kasungu inagwa chimanga chitapsa ndi ng'amba. Poyambiranso, apampando anandiuza kuti: "Achimwene, tilembereni mawu olimbikitsa, koma atsopano."

Ndinayamba ndi mzere uwu: "Kugwa si kutha, dzuka, mawa dzuwa lidzatulukanso." Ndi wosalala, koma ndinauyesa motere: kodi ungakhale kumbuyo kwa minibasi, pamaliro ndi pasukulu osasintha liwu? Ungakhale. Ndiye kuti sukunena za ife. Komanso "dzuka" akulamula munthu amene wadzuka kale mbandakucha, ali ndi ngongole ya feteleza.

Wachiwiri ndinaupeza nditafunsa amayi ena chimene anatsala nacho. Anandionetsa chitini cha mbewu ya mtedza, chomanga pakamwa ndi kansanza. Ndinalemba: "Nkhokwe yagwa, koma mbewu ili m'chitini."

Uwu suuza munthu kumva chilichonse. Ukutchula chotayika poyamba, kenako chogwirika chimene chatsala. Vuto lake, wogulitsa kaunjika sungamukhudze, ndipo ukangobwerezedwa pamisonkhano yonse nawonso udzasukuluka. Apampando anati woyambawo ukumveka bwino pakamwa. Komabe pachikwangwani tinalemba wachitini.