Masileti, mafunso kapena timatikiti tapakhomo: zimene ndaona m'kalasi ya ana 94

Aphunzitsi anzanga a m'zoni yathu akhala akundifunsa za timabolodi toyera timene anationa m'kalasi mwanga teremu yapitayi. Ena akufuna kudziwa kumene ndinagula. Ndiyankhe kamodzi pano: musagule. Koma poti funso lenileni ndi lakuti mphunzitsi angadziwe bwanji, phunziro lisanathe, kuti ana amva kapena ayi, ndiyerekeza njira zitatu zimene ndayesa mu Sitandade 4 pophunzitsa samu zochotsera mobwereka.

Tonse timaidziwa njira yachinayi, ya "Mwamva?" ana n'kuyankha "Eeee!" Imeneyo sindikuiwerengera. Mwana amayankha "eee" chifukwa cha ulemu, osati chifukwa cha samu.

Ndiyambe ndi samu yomwe, chifukwa njira zonsezi zimadalira funso limene mwasankha. Ine ndimagwiritsa ntchito 503 − 278. Yankho lake ndi 225, koma chimene ndimaikondera samuyi ndi mayankho olakwika, pakuti lililonse limaulula matenda ake. Mwana akalemba 375, ndiye kuti sakubwereka n'komwe: pa mzere uliwonse akungochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 8 kuchotsa 3, 7 kuchotsa 0, 5 kuchotsa 2. Akalemba 325, wabwereka bwino mpaka ziro uja wasanduka 9, koma waiwala kuti 5 wa m'mahandiredi watsala 4. Akalemba 235, wachepetsa 5 uja, ziro wasanduka 10, koma waiwala kuti 10 ameneyu wabwereketsanso mmodzi kwa 3. Mukapereka 586 − 243 ana onse atatuwa akhoza, inu n'kupita kunyumba mukumwetulira, chifukwa samuyo ilibe pobwereka. Funso limene mwana wosokonezeka angakhoze mwangozi ndi lotaya nthawi, kaya mwalifunsa pakamwa, pa sileti kapena pa pepala.

Mafunso apakamwa ndi aulere, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Vuto ndi lakuti mukafunsa, manja amene amakwera ndi omwe aja: ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kutsogolo, akuliza zala, "Madamu! Madamu!" Mmodzi akati 225, mwadziwa za mwana mmodzi, za enawo simukudziwa kanthu. Ine ndinaletsa kukweza manja pa mafunso oyesera. Ndinalemba manambala a m'rejisitala pa zitsekerero za mabotolo, n'kuziika m'chitini. Ndimafunsa kaye, ndidikire, kenako ndi pamene ndimatola chitsekerero. Dongosolo limeneli ndi lofunika: mukatchula dzina poyamba, ena onse amasiya kuganiza. Za kudikirazi, Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro wa ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana amatalika ndipo oyankha amachuluka. Yesani kuwerenga mpaka faifi mumtima. Mudzamva ngati mwaima ola lathunthu.

Chitsekererocho ndimachibwezera m'chitini mwana akayankha, apo ayi amadziwa kuti wapulumuka mpaka mawa. Komabe ngakhale mutachita bwino chotani, pa phunziro la mphindi 35 simungafunse ana oposa khumi. Mafunso ndi khasu lokumbira pansi, osati maso oonera munda wonse. Ntchito yake yeniyeni ndi yotsatira: "Wapeza bwanji 325? Tiyendetse pa bolodi."

Tsopano timabolodi toyera, pamene pali chilonda changa. Ndinaona pa foni kanema wa kalasi ya kunja, ana onse akukweza timabolodi nthawi imodzi, ndipo ndinakopeka. Ndinatenga ndalama zanga zakumapeto kwa mwezi n'kugula 30 m'sitolo ina m'tauni. Wogulitsayo anandiuza kuti chilichonse chili momwemo. Zoona, kabolodi kalikonse kanali ndi maka yake yomata pambali. Chimene sanandiuze n'chakuti ndalama yeniyeni siili pa bolodi, ili pa maka. Sabata yoyamba zivindikiro zisanu ndi ziwiri zinasowa, ndipo maka yopanda chivindikiro siifika mawa. Sabata yachitatu, m'kutentha kwa Okutobala, mamaka oposa theka anali akulemba mzere wotuwa umene sindinkauona ndikaima kutsogolo. Ana amakanikiza maka ngati akulemba ndi choko, nsonga n'kulowa m'kati. Nditabwerera kusitolo kuja kukafunsa mtengo wa mamaka okha, ndinawerengera n'kupeza kuti kuwagula kawiri pa teremu kukanaposa ndalama imene ndinagulira timabolodito. Ndiye mwana wina wamtima wabwino anabweretsa maka ya kunyumba, ya mtundu wosafufutika uja wolembera matumba a chimanga, n'kubwereketsa anzake. Timabolodi tinayi tili ndi 375 mpaka lero, ngati chipilala cha manda.

Panalinso cholakwa changa. Timabolodi 30 pa ana 94 ndiye kuti ana atatu pa kamodzi, ndipo pa ana atatu amene amagwira maka ndi wanzeru uja kapena wamkulu thupi. Ndinkaona mayankho okhoza ambiri n'kumadzitama, osadziwa kuti ndangobwereranso ku manja asanu aja, kungoti tsopano ndawalipirira.

Mfundo ya timabolodi ndi yabwino, choipa ndi maka. Mphunzitsi wina wachikulire wa Sitandade 1 ndi amene anandiseka n'kundikumbutsa za Talula amene tinaphunzira ku koleji, kugwiritsa ntchito zimene zili pafupi. Tinatola makatoni olimba, tinawadula kukula ngati kope, n'kupaka penti wakuda wa bolodi amene anatsala pokonza makalasi. Kumbuyo mwana aliyense analemba nambala yake. Choko chimodzi ndimachithyola patatu, chofufutira ndi kansanza. Makatoni amapindika akanyowa, ndipo fumbi la choko limachuluka moti ndimatsegula mawindo, koma mwana aliyense ali ndi sileti yake, ndipo palibe chivindikiro chosowa.

Kagwiritsidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa. Ndikaphunzitsa zitsanzo ziwiri, cha pakati pa phunziro, ndimalemba samu imodzi yokha. Ana amawerengera pa sileti, kenako amalemba yankho lalikulu pansi n'kuigwira pachifuwa. Palibe wokweza mpaka nditati "Wani, thu, fili, onetsani!" Mukalola kuti womaliza msanga akweze, mzere wonse wa kumbuyo kwake umakopera. Ndiye ndimayang'ana kuyambira kumbuyo, chifukwa maso akayambira kutsogolo amakhuta msanga. Sindiwerenga mmodzimmodzi, ndimangofuna kudziwa kuti yankho lolakwika lachuluka ndi liti. Zonsezi zimatha mphindi zinayi, ngakhale sabata yoyamba zinkatha khumi, ana akukangana za choko.

Tsiku limene ndinapereka 503 − 278, m'kalasi munali ana 87. Masileti atakwera ndinaona kuti okhoza sanafike theka, ndipo 375 anali mbwee kumanzere chakumbuyo, 325 apo ndi apo. Pulani yanga inkati ndipitirire ku samu za mawu. Ndinaisiya. Ndinatenga sileti imodzi ya 375 ndi ina ya 325, osatchula eni ake, n'kufunsa kalasi kuti munthu aliyense anaganiza bwanji. Kenako tinatulutsa mitolo ya timitengo, kumasula mtolo wa handiredi kukhala mitolo khumi ya mateni, n'kumasulanso umodzi mwa iyo, kuti aone ndi maso chifukwa chake patsala 4 ndi 9. Lamulo langa ndi ili: okhoza akaposa anayi mwa asanu alionse, ndimapitirira, otsalawo ndimawaitana pambali anzawo akulemba. Akakhala cha pa theka, ndimawakhazika awiriawiri a mayankho osiyana kuti atsutsane, kenako ndifunsenso samu ina yofanana, monga 604 − 359. Akachepera pamenepo, ndiye kuti vuto ndi kafotokozedwe kanga, ndiyambirenso mwa njira ina. Ngati simunakonzeke kusintha phunziro, musawavutitse ana kukweza masileti.

Sileti ili ndi pofooka pake. Imakwana mayankho aafupi okha, ndipo mwana akafufuta umboni wapita. Mlangizi wa m'zoni akafuna kuona zolembedwa, simungamuonetse fumbi.

Apa ndi pamene timatikiti tapakhomo timapambana. Kutatsala mphindi zisanu, mwana aliyense amalandira kapepala, alembe dzina ndi samu imodzi, apereke potuluka. Ndimadula tsamba limodzi pasanu ndi patatu, choncho masamba 11 amakwanira ana 87; kumbuyo kwa mapepala a mayeso akale n'kokwanira. Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kuchonga kalikonse ndi bolopeni yofiira, ntchito ya ola lathunthu pamwamba pa makope. Tsopano ndimangounjika milu. Sabata ina ndisanayambe masileti ndinaperekapo samu yamtundu womwewu pa tikiti, ndipo m'mphindi khumi ndinali ndi milu inayi patebulo, mulu uliwonse ndi matenda ake ndi maina a eni ake. Palibe sileti ingakupatseni maina chonchi. Koma tikiti imakuuzani zoona ana atapita kale. Mwana wa 375 wachita kale samu khumi mwa njira yolakwika m'kope mwake, njirayo yakhazikika. Ndipo mawa lake, likakhala tsiku la msika kapena mvula yagwa m'mawa, ena mwa amene mwawakonzera gulu sabwera. Pakhomo paja pamakhalanso chipwirikiti. Ndinasiya kulandira ndekha, atsogoleri a mizere ndi amene amatolera ana asanaimirire.

Ndiye mukandifunsa, sileti ya katoni ndi choko ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pa samu, kamodzi kapena kawiri pa phunziro. Chitini cha zitsekerero chimabwera pambuyo pa sileti, kukumba chimene ndaona. Tikiti ndimapereka Lachinayi lokha, kuti Lachisanu ndikhale ndi magulu, ndipo maina a mulu wovutika ndimawalemba m'buku langa la kayendedwe ka ana. Mwina pasukulu ya ana 25 m'kalasi, kumene ofesi imagula mamaka, timabolodi toyera n'tabwino. Sitidetsa manja ndipo timaoneka patali maka akakhala watsopano. Tanga tili m'katoni pansi pa tebulo la aphunzitsi. Amene akutifunabe abwere adzatenge, koma abwere ndi mamaka awo.