Usiku wa mu Minecraft ndi usiku wa mu Dying Light: kuthawa mdima kapena kuugwiritsa ntchito

Anzanga amene timasewera nawo magemu kuno ku Kasungu amadandaula kawirikawiri kuti usiku wa m'gemu umangowatayitsa nthawi ndi batire. Ine ndikuona kuti yankho likudalira gemu imene munthu wagwira, chifukwa opanga Minecraft ndi opanga Dying Light anaika mdima pa zolinga zosiyana, ngakhale kuti m'magemu onse awiri adani amasintha khalidwe dzuwa likalowa.

Mu Minecraft, usana ndi usiku pamodzi zimatenga mphindi 20, ndipo mwa izi usana weniweni ndi mphindi pafupifupi 10. Adani monga Zombie, Skeleton ndi Creeper satuluka chifukwa cha wotchi ayi, amatulukira pamalo pamene pali mdima, n'chifukwa chake m'phanga losayatsidwa mumakumana nawo ngakhale masanasana. Kukacha, Zombie ndi Skeleton amene ali poyera amapsa ndi dzuwa, akangaude amaleka kukuyambani, koma Creeper sapsa, ndipo ndi iyeyu amene amaphulitsa khomo la anthu ambiri m'mamawa iwo akuganiza kuti zoopsa zatha.

Taonani mmene zimenezi zimamulamulira munthu pa tsiku loyamba. M'mphindi 10 zija ayenera kudula mitengo, kupeza malasha a miuni ndi kusaka nkhosa, pakuti bedi limafuna ubweya utatu wa mtundu umodzi ndi matabwa atatu. Muuni umawala pa mlingo wa 14, ndipo kuwalako kumachepa ndi 1 pa buloko iliyonse imene mukutalikira, choncho ngodya ya nyumba imene kuwala sikufikako imasanduka khomo la adani. Wosewera akagona usiku umadutsa nthawi yomweyo, koma bedi limakana ngati mdani ali pafupi. Apa mdima ndi umene ukupereka chifukwa chomangira nyumba, monga mmene alimi oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu amakonzera zolondera munda dzuwa lisanalowe podziwa kuti njovu zimabwera usiku. Vuto ndi lakuti bedi likapezeka, usiku sukhalanso ndi mano. Wosafuna kugona ndiye amalangidwa: akatha masiku atatu a m'gemu osagona, limene ndi ola limodzi lenileni, zilombo zouluka zotchedwa Phantom zimayamba kumuzungulira.

Dying Light, imene kampani ya Techland ya ku Poland inatulutsa mu 2015, inaliona vuto lomweli n'kulithetsa mwa njira ina. Masana adani ambiri ndi ochedwa ndipo mutha kuwazemba podumpha pamadenga, koma usiku kumatuluka adani otchedwa Volatile, amene amathamanga, kukwera makoma ndi kukulondolani mpaka mutabisala kapena mutafika pamalo otetezedwa. Bedi liliponso, komabe wogona amaluza, chifukwa mapointi a luso la kudumpha ndi la kumenya amawirikiza kawiri usiku, ndipo pali ntchito zina zimene zimachitika usiku wokha. Zili ngati ganyu yolipira bwino imene ena amaikana chifukwa cha kuopsa kwake.

Gawo lachiwiri la gemuyi, la mu 2022, linapita patsogolo. Masana adani ambiri amagona m'nyumba zamdima, usiku amatulukira m'misewu, kotero nyumba zimene muli katundu wabwino zimaloweka bwino usiku. Koma wosewera nayenso ali ndi matenda amene amasandutsa anthu kukhala adani aja m'thupi mwake, ndipo akakhala mumdima nthawi imene yamutsalira asanasanduke imawerengedwa chotsika mpaka atapeza mankhwala kapena nyali ya UV, imene kuwala kwake kumaletsa matendawo kukula. Mwa ichi opanga gemu amapeza mizinda iwiri pa mapu amodzi, osajambula msewu wina watsopano, ndipo wosewera amakakamizika kusankha chochita pa ola lililonse.

Kwa ine njira ya Dying Light ndi yokhwima kwambiri, chifukwa usiku umakhalabe ndi phindu ngakhale munthu wazolowera gemu. Ili ndi zovuta zake: ntchito ya usiku mukaifika masana mumayenera kudikira kapena kukagona kaye, zimene zimawawa ngati magetsi angathime nthawi iliyonse, komanso gemuyi imafuna kompyuta yamphamvu kapena makina monga PlayStation. Minecraft imayenda pa foni, ndipo amene akufuna kungomanga popanda chosokoneza, m'dziko limene analola malamulo olemba, atha kubweza dzuwa polemba izi:

```
/time set day
```

Lamulo limeneli silichotsa adani onse amene anatuluka kale, choncho yang'anani kaye pazenera musanatsegule chitseko ngati Creeper saima panja.