Kuchotsa magalasi pachithunzi: pamanja, kubwereka maso, kapena kusiyira makina?

Pamene padutsa felemu ya magalasi, kamera sinaone khungu lililonse. M'failo muli mapikiseli akuda a felemuyo basi, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingavundukule zomwe sizinajambulidwe. Choncho njira zonse zochotsera magalasi zimayankha funso limodzi: khungu ndi diso zomwe zikusowazo tizitenga kuti? Mutha kuzitenga pachithunzi chomwecho, mutha kuzibwereka pachithunzi china cha munthu yemweyo, kapena mutha kulola AI kuti ipeke. Ine ndimaziyeza ndi muyeso umodzi: kodi wachibale wa munthuyo akaona chithunzicho amuzindikira osakayika?

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi kuti tiyeserepo njira zitatuzi. Bambo wachikulire wakhala pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera kumanzere kwa chithunzi. Felemu yake ndi yakuda, yokhuthala, ndipo yaphimba mbali ya nsidze. Magalasi ake ndi a munthu wosaona patali, mphamvu yake −6.00. Diso lakumanja likuoneka bwino, koma lakumanzere laphimbidwa theka ndi kunyezimira kwa zenera.

Tisanakhudze felemu, pali vuto lomwe ambiri saliona. Galasi la munthu wosaona patali limachepetsa zonse zomwe zili kuseri kwake. Yang'anani m'mphepete mwa nkhope: mzere wa tsaya ukafika pagalasi umadumphira m'kati, kenako umabwerera pamalo ake kunja kwa felemu. Diso nalonso limaoneka laling'ono. Kuchepako mutha kukuyerekeza ndi kawerengedwe aka, pomwe d ndi mtunda wa pakati pa galasi ndi diso m'mamita, F ndi mphamvu ya galasi, ndipo M ndi kukula komwe diso likuoneka nako poyerekeza ndi kukula kwake kwenikweni:

```
M = 1 / (1 - d × F)
M = 1 / (1 - 0.012 × -6) = 0.93
```

Diso la bambo wathu lachepa ndi pafupifupi 7 peresenti. Magalasi owerengera, omwe mphamvu yake imalembedwa ndi chizindikiro cha +, amachita zosiyana: amakulitsa diso. Mukangofufuta felemu osakonza zimenezi, mutsala ndi munthu wa maso aang'ono komanso nkhope yokumbika m'mbali, ndipo oona adzati chithunzichi chili ndi vuto ngakhale sakutha kuloza pomwe pali vutolo.

Njira yoyamba ndi ya pamanja, yogwiritsa ntchito Clone Stamp ndi Healing Brush mu Photoshop kapena Photopea, kapena Clone ndi Heal mu GIMP. Yambani ndi kukula kwa diso. Mu Photoshop, sankhani zonse za m'kati mwa galasi limodzi, zikopereni pa leya yakeyake ndi Ctrl+J, dinani Ctrl+T, ndipo kulitsani mpaka 107%. Musakulitse mpaka mzere wa tsaya ulumikizane, chifukwa m'mphepete mwa nkhope muli kutali ndi galasi kuposa diso, motero mumasuntha kwambiri. Mukatsatira tsaya, diso likula mopyola muyeso. Diso likulitseni palokha, tsaya mudzalikankhe pambuyo pake ndi Liquify.

Kenako tsegulani leya yopanda kanthu, ndipo pa Sample sankhani Current & Below; mu GIMP chongani Sample merged. Apa dongosolo la zida ndi lofunika kwambiri. Healing Brush imasakaniza mtundu wa zomwe zazungulira malo omwe mukupaka, ndiye mukaiyandikiza kufelemu yakuda imakoka kudako n'kusiya banga lotuwa ngati mwaye. Yambani ndi Clone Stamp, burashi yokulirapo pang'ono kuposa felemu, mukutenga khungu pafupi kwambiri ndi pomwe mukupaka: la pansi pa diso lichoke pansi pa diso, la pamphuno lichoke pamphuno. Muzisintha potengera pafupipafupi ndi Alt, kapena Ctrl mu GIMP, apo ayi kadontho kamodzi ka pakhungu kadzaoneka katatu motsatana. Kuda konse kukatha ndiye mubwere ndi Healing Brush kudzasalaza polumikizira.

Felemu ikachoka ntchito sinathe. Patsala mthunzi wake, womwe pachithunzi chathu wagwera kumanja ndi pansi, tizipsera tiwiri tofiirira pomwe magalasi amatsamira pamphuno, ndi miyendo ya magalasi yomwe imalowa m'tsitsi pamwamba pa khutu. Khungu la m'kati mwa galasi nthawi zambiri limaderapo pang'ono, kapena limatengako mtundu wobiriwira kapena wapepo wochokera ku utoto woletsa kunyezimira womwe amakuta nawo magalasi. Limeneli likonzeni ndi Curves yokhala ndi masiki mpaka lifanane ndi lakunja. Nsidze ndiye zofuna kudekha: tengani pomwe zikuoneka, ndipo tsatirani komwe tsitsi lagonera, pakuti pafupi ndi mphuno limaima chilili pomwe chakumapeto limagona cham'mbali.

Pa felemu yopyapyala ya waya, njira imeneyi ilibe inzake, chifukwa chilichonse chomwe mwaika ndi khungu lenileni la munthuyo, lojambulidwa m'kuwala komweko. Koma pa bambo wathu imakathera padiso lakumanzere. Theka lake kulibe, ndipo palibe potengera. Ambiri amakopera diso labwinolo n'kulitembenuza ndi Flip Horizontal. Zimatheka ngati nkhope yayang'ana kutsogolo ndendende, koma kumbukirani kuti kadontho kowala ka m'diso nako katembenuka. Zenera lili kumanzere, choncho kadonthoko kayenera kukhala kumanzere m'maso onse awiri. Kakakhala kumanzere m'diso lina, kumanja m'linzake, munthuyo amaoneka ngati maso ake sakuyang'ana kumodzi. Kafufuteni n'kukaika pamalo oyenera. Ngakhale mutatero, mthunzi wa pachikope umakhala utatembenuka, ndipo palibe munthu amene maso ake awiri ndi ofanana ndendende. Kufanana kopyola muyesoko n'komwe kumaulula kuti pagwiridwa ntchito.

Content-Aware Fill, yomwe inabwera mu Photoshop mu 2010, ndi Resynthesizer ya mu GIMP ndi za m'banja lomweli, chifukwa nazo zimatola pachithunzi chomwecho. Zimathandiza pa tsaya ndi pakati pa diso ndi khutu, bola muchotse felemu, nsidze ndi tsitsi pamalo omwe zikutolapo. Pafupi ndi chikope musaziyese n'komwe. Sizidziwa kuti diso n'chiyani.

Njira yachiwiri ndi yobwereka maso pachithunzi china cha munthu yemweyo atavula magalasi. Imeneyi ndiyo ndimayamba kuifunsa nthawi zonse, ndipo ndimadandaula kuti anthu amaidumpha pothamangira makina. Ndi njira yokhayo yomwe imabwezeretsa diso lenileni, ndi kupindika kwa chikope chake, makwinya ake a m'mbali, ndi kukula kwake koona, motero masamu aja safunikanso.

Chithunzi chobwerekacho chiyenera kufanana ndi choyamba pa zinthu ziwiri: komwe mutu wapendekera ndi komwe kuwala kukuchokera. Mtundu ndi kuwala kwa khungu mutha kukonza, koma mutu wotembenukira kwina simungauwongole popanda kupotoza diso. Dulani kuyambira pamwamba pa nsidze mpaka pamasaya, ikani pamwamba pa chithunzi choyamba, tsitsani Opacity kufika 50%, ndipo mulinganize. Polinganiza musatsatire maso a pansiwo, pakuti galasi linawachepetsa n'kuwasunthako. Tsatirani zomwe zili kunja kwa galasi: mphuno, makutu, ndi mzere wa tsaya. N'chifukwa chake ndi bwino kudula mokulirapo poyamba. Zikagwirizana, bwezerani Opacity pa 100%, ikani masiki yakuda, ndipo muvundukule ndi burashi yoyera yofewa pokhapo pomwe panali felemu ndi galasi. Mtundu ufananizeni ndi Curves yomangiriridwa ku leya yokhayo.

Chomwe chimagwetsa njirayi kawirikawiri ndi maonekedwe a nkhope. Munthu akamamwetulira, masaya amakwera ndipo chikope cha m'munsi chimakankhidwira m'mwamba. Mukaika maso a nkhope yosamwetulira pamwamba pa kamwa lomwetulira, kumwetulirako kumaoneka kwachinyengo. Zaka nazo zimavuta: maso a zaka khumi zapitazo pa nkhope ya lero amakhala ngati chigamba chatsopano pa malaya akale. Ngati munthuyo alipo, m'pempheni akhale pafupi ndi zenera lomwelo, avule magalasi, mum'jambulenso. Ojambula odziwa ntchito amachitiratu zimenezi nthawi yojambula, kamera isanasunthe.

Njira yachitatu ndi ya AI: Generative Fill yomwe inalowa mu Photoshop mu 2023, Stable Diffusion, ndi mapulogalamu a pafoni ongodina kamodzi. A pafoniwo sinditayapo nthawi, chifukwa ambiri amajambulanso dera lonse la maso, nthawi zina nkhope yonse, ndipo sakupatsani mpata wosankha pomwe akhudze. Zotsatira zake zimakhala zokongola, koma maso amakhala a munthu wina.

Zida ziwiri zinazo zili ndi ntchito yake mukaziikira malire. Mukasankha magalasi onse pamodzi ndi maso, makinawo amapeka maso atsopano. Yerekezani ndi chithunzi choyamba ndipo muona kusintha: mtundu wa diso wawalirapo, chikope chapindika mwina, makwinya atha, ndipo nthawi zina munthu akuyang'ana kwina. Chinanso, mukasiya mthunzi wa felemu kapena miyendo yake kunja kwa malo osankhidwa, makinawo amaona zizindikirozo n'kujambulanso magalasi ena. Choncho sankhani felemu yokha pamodzi ndi mthunzi wake, kulitsani malo osankhidwawo ndi mapikiseli angapo kudzera pa Select > Modify > Expand, ndipo diso lenileni lisiyeni kunja. Chitani kachigawo kamodzi panthawi: pamphuno, kenako nsidze, kenako chakukhutu. Tizigawo ting'onoting'ono timathandizanso pa kuoneka bwino, chifukwa zidazi zimapanga chithunzi cha kukula kokhazikika, monga mapikiseli 512 m'mbali iliyonse pa Stable Diffusion 1.5, n'kuchitambasula kuti chikwane. Dera likakula, khungu limatuluka losalala mopyola, lopanda timabowo take.

Pa nsidze zobisika ndi tsitsi la pamwamba pa khutu, AI imaposa dzanja la ambiri a ife, ndipo imachita mwamsanga. Imathandizanso kusalaza ntchito ya pamanja: mu Stable Diffusion, Denoising strength ya 0.3 mpaka 0.4 imalumikiza zigamba osasintha kapangidwe, pomwe ikapyola 0.7 imayamba kupeka zake.

Pa bambo wathu, ine ndingachite motere. Chithunzi chobwereka chikapezeka, maso onse awiri achokere kumeneko, miyendo ya magalasi ndi mthunzi ndichotse pamanja. Chikasowa, ndikulitse za m'galasi kufika 107%, felemu ya pamasaya ndi pamphuno ichoke ndi Clone Stamp, nsidze ndi tsitsi ndisiyire AI, ndipo theka losowa la diso lakumanzere nditenge ku diso lakumanja, theka lokhalo osati diso lonse, n'kukonza kadontho kowala. Pomaliza ndithire Add Noise pang'ono pamalo okonzedwa, chifukwa chigamba chosalala pakati pa chithunzi cha timadontho chimaonekera. Kuti muone zolakwika, zimitsani ndi kuyatsa maleya anu mwachangu mukuyang'ana maso okha. Ngati akudumpha kapena asintha komwe akuyang'ana, bwererani. Tembenuzaninso chithunzi chonse kwa kanthawi, pakuti diso lopendekeka limaonekera msanga mukatero.

Zonsezi ndi za chithunzi chopachika pakhoma kapena choika pa intaneti. Cha pasipoti kapena chiphaso musachikonze ndi njira iliyonse mwa izi, chifukwa malamulo a zithunzi zoterozo amakana nkhope yosinthidwa pakompyuta. Ngati magalasi saloledwa, munthuyo avule n'kujambulitsanso.