Fayilo ya Excel ya makadamiya m'Chivietinamu: mmene yakhalira patatha miyezi 8

"Achimwene, njira ija munatiuza yoikira mawu a Chivietinamu m'fayilo ya Excel osaononga mafomula, kodi ikugwirabe? Ife kuno ku Thyolo wogula wathu akufuna lipoti la makadamiya m'chilankhulo chake, koma tikuopa kuti matotala asokonekera."

Ikugwira, koma osati monse mmene tinkayembekezera. Fayilo imene takhala tikuiyesera ndi ya ku shedi yosankhira mtedza: ili ndi masamba 5, mzere uliwonse ndi loti imodzi, ndipo makolamu ake ndi tsiku, giredi, makilo, chinyezi, ndi zotsatira za kuyeza. Yakhala ikupita kwa wogula wa ku Vietinamu n'kubwerera sabata iliyonse. Chimene chapirira miyezi yonseyi ndi lamulo limodzi: mawu amene munthu amawerenga asakhalenso mawu amene fomula imadalira. Paliponse pamene tinaliphwanya ndi pamene fayilo inadzatipweteka.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Fomula yophatikiza makilo a giredi yoyamba inali yotere:

```
=SUMIF(C:C,"Grade 1",D:D)
```

Mukamasulira kolamu C n'kulemba Loại 1 m'malo mwa Grade 1, fomulayi imapitiriza kufunafuna mawu akale. Ikawasowa siidandaula ayi, imangolemba 0. VLOOKUP ndi yabwinoko chifukwa imakuwa ndi #N/A, mumadziwa kuti pali vuto. SUMIF ndi COUNTIF zimakhala chete, ndipo totala yolakwika ikhoza kufika mpaka pa invoisi.

N'chifukwa chake musanamasulire liwu ndi limodzi lomwe, sungani kope la fayilo, ndipo lembani pambali matotala onse akuluakulu mmene alili lero kuti mudzayerekeze mukamaliza. Kenaka dinani Ctrl+F, pa Within sankhani Workbook, pa Look in sankhani Formulas, ndipo m'bokosi lofufuzira lembani chizindikiro ichi chokha: ". Find All ikuonetsani mafomula onse amene ali ndi mawu m'kati mwake. Amenewo ndiwo adani anu. Kufufuzaku sikufika malo awiri, muyenera kupitako nokha. Oyamba ndi Conditional Formatting, pa Manage Rules, pamene pamabisala lamulo lopaka selo utoto wofiira ikalembedwa Fail. Achiwiri ndi Data Validation, ngati mndandanda wosankhapo unalembedwa pamanja m'bokosi la Source.

Ife tinasintha magiredi kukhala makodi, G1, G2, G3, amene samasuliridwa. Mafomula onse amawerenga makodiwo, ndipo kolamu yoyandikana nayo ndi imene imaonetsa dzina la giredi m'chilankhulo cha wowerenga. Mitu ndi malebulo onse tinawasamutsira pa tsamba limodzi limene tinalitcha Mawu: kolamu A nambala ya lebulo, B Chingerezi, C Chivietinamu. Selo F1 ya pa tsambali ikakhala ndi 1 fayilo yonse imalankhula Chingerezi, ikakhala ndi 2 imalankhula Chivietinamu. Pamene panali mutu wa makilo tsopano pali izi:

```
=INDEX(Mawu!$B$2:$C$300,MATCH("L012",Mawu!$A$2:$A$300,0),Mawu!$F$1)
```

Ndipo pamatuluka Khối lượng kapena Weight, utoto, malire ndi kukula kwa zilembo zili momwemo, popeza zimenezo ndi za selo, osati za mawu. Kuti mupeze malebulo onse a pa tsamba, dinani F5, Special, Constants, n'kusiya Text yokha ili yochongedwa. Maselo a mafomula ndi a manambala sasankhidwa. Chenjerani kuti makodi aja nawonso ndi mawu, ndiye amalowa m'gululo, musawakhudze.

Mbali imeneyi sinatigwetsepo. Womasulira amagwira kolamu C yokha, mafomula sawaona n'komwe, ndipo wogula atatiuza kuti mawu ena sakumveka mmene anthu a ntchitoyi amanenera kwawo, tinakonza selo imodzi basi.

Chimene chinatigwetsa chinabwera m'mwezi wachisanu, ndipo ndi chimene tikufuna muchimvetse bwino chifukwa sichioneka ndi maso. Kolamu ya zotsatira tinaisiya ndi mawu, Đạt ngati loti yapambana ndi Không đạt ngati yalephera, chifukwa wogula ndi amene amadzaza akayeza. Totala ya makilo olandiridwa inkawerenga liwu lakuti Đạt. Sabata ina maloti atatu anapambana: makilo 1,250, makilo 980 ndi makilo 1,400. Totala imayenera kukhala 3,630, koma fayilo inaonetsa 2,650. Maselo atatu onse analembedwa Đạt, ofanana ndendende ngakhale mutakulitsa sikirini.

Nkhani yake ndi yoti chilembo cha Chivietinamu chokhala ndi chizindikiro chingasungidwe m'njira ziwiri. Chilembo ạ chikhoza kukhala chilembo chimodzi chathunthu, kapena a wamba wotsatiridwa ndi kadontho kapansi kosungidwa pakokha. Mu pulogalamu ya UniKey, imene anthu ambiri kumeneko amalembera, njira ziwirizi zimasiyana pa mndandanda wa Bảng mã: Unicode ndi yoyamba ija, imene eni ake amati dựng sẵn, ndipo Unicode tổ hợp ndi yachiwiri. Loti ya makilo 980 inadzazidwa pa kompyuta ina, yolemba m'njira yachiwiriyo. Kuyesa kwake n'kosavuta, F2 ikhale selo imene muli liwulo:

```
=LEN(F2)
=UNICODE(MID(F2,2,1))
```

Pa Đạt wa chilembo chathunthu, LEN imapereka 3 ndipo fomula yachiwiri imapereka 7841. Pa winayo LEN imapereka 4, ndipo yachiwiri imapereka 97, amene ndi a wamba. Tsiku limenelo tinakonza ndi Ctrl+H, koma mankhwala enieni anali kubwerera ku lamulo lija: kolamuyo tsopano imalandira 1 kapena 0 basi, ndipo liwu limatuluka lokha m'kolamu yoyandikana. Mndandanda wosankhapo pawokha sukanakwanira, chifukwa munthu akakopera selo kwina n'kumata, Data Validation imafafanizika osamufunsa.

Pa nkhani yomweyi, ngati mawu ofika kuchokera kwa womasulira akuwerengeka bwino ndi fonti yoyamba ndi kadontho monga .VnTime, koma mukasintha kukhala Arial akusanduka zinyalala, ndiye kuti analembedwa m'njira yakale ya TCVN3. Abwezeni awasandutse Unicode. Arial, Times New Roman, Tahoma ndi Calibri zonse zili ndi zilembo za Chivietinamu, palibe chifukwa choikira fonti yachilendo.

Manambala musawamasulire, ngakhale wogula atanena kuti kwawo amalemba mosiyana. N'zoona: ku Vietinamu 1,250.5 amalemba 1.250,5. Koma Excel imasunga nambala yokha, ndipo kompyuta iliyonse imaionetsa motsatira mmene inatcheredwera. Fayilo yathu ikatsegulidwa kumeneko madontho ndi makoma zimasinthana zokha. Ngozi ili pa kulemba. Munthu wa kumeneko akaona 1,250 pa uthenga wa pa foni n'kulemba momwemo pa kompyuta yotcheredwa Chivietinamu, selo imalandira 1.25, kilo imodzi ndi kota. Tinaika malire pa kolamu ya makilo kuti isalandire nambala yochepera 20, ndipo yagwirapo zolakwika zotere. Fomula ya TEXT yokhala ndi "#,##0.00" nayonso siyodalirika pa makompyuta oterewa, chifukwa zizindikiro za m'kati mwakemo zimawerengedwa motsatira kompyuta, tinaichotsa n'kusiya nambala pa selo yakeyake. Ndipo mukamatumiza fomula pa uthenga kuti ailembe pamanja, kumbukirani kuti kwa iwo nthawi zambiri zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; osati koma.

Pali malo amene tsamba la Mawu silifika. Mitu ya tebulo lopangidwa ndi Ctrl+T siilola fomula, Excel imaisandutsa mawu okhazikika. Tinaisiya m'Chingerezi n'kuika mzere womasuliridwa pamwamba pake. Sizokongola kwenikweni, koma PivotTable imene imadya tebulolo yakhala pamtendere, pamene mukasintha mutu wa kolamu imataya kolamuyo mukangodina Refresh. Mayina a masamba nawonso tinawasiya. Mafomula wamba amatsatira dzina latsopano okha, koma INDIRECT imene dzina la tsamba linalembedwa m'kati mwake imagwa ndi #REF!, ndipo makro otchula tsamba ndi dzina amaima. Pa makro pomwepo: mawu a Chivietinamu musawalembe m'kati mwa VBA, zilembo zambiri zimasanduka ?; makro azikatenga mawuwo pa selo.

Manoti ndiwo atitopetsa kwambiri. Tikunena timabokosi tachikasu tija totuluka mukaloza selo ya kakona kofiira. Noti siingakhale ndi fomula, choncho F1 ilibe mphamvu pa iyo. Poyamba tinalemba zilankhulo zonse ziwiri m'noti iliyonse, Chingerezi pamwamba, Chivietinamu pansi. Bokosi silikula lokha, ndiye Chivietinamu chinkabisika pansi, mpaka titadina kumanja pa malire a bokosi, Format Comment, Alignment, n'kuchonga Automatic size, noti iliyonse payokhapayokha. Vuto lalikulu linadza pambuyo: wina akasintha malangizo a Chingerezi, monga nthawi yoyezera chinyezi, a Chivietinamu ankatsalira akale, ndipo palibe aliyense ku shedi amene akanazindikira. Manoti a malangizo okhazikika tinawachotsa n'kuwaika m'kolamu ya Ghi chú, kutanthauza manoti m'Chivietinamu, imene imatenga mawu pa tsamba la Mawu. Pa tsambalo tinawonjezera kolamu D yosunga kope la Chingerezi mmene chinalili tsiku lomasulira; B ikasiyana ndi D mzerewo umafiira, kusonyeza kuti womasulira aubwerere. Manoti amene atsala ndi a loti imodziimodzi, olembedwa tsiku lomwelo.

Pa maonekedwe, zovuta zinali zazing'ono koma zobwerezabwereza. Zilembo monga ế ndi ẩ zili ndi zizindikiro ziwiri zosanjikizana, ndipo m'mizere imene tinaipanikiza pamanja kuti lipoti likwane pa pepala limodzi, chizindikiro chapamwamba chinkadulika. Si nkhani ya kukongola kokha, chifukwa chizindikiro chikasowa liwu limasintha tanthauzo. Tinakweza mizere ya mitu kufika pa 20 pa fonti ya 11. Maselo ophatikizidwa ndi Merge sasintha kutalika okha ngakhale Wrap Text ikhale yoyaka, ndipo ngakhale selo wamba siimakula nthawi zonse mawu ake akasintha kudzera mu fomula. Choncho kutalika kwa mzere kuyezeni F1 ili pa chilankhulo chimene mawu ake ndi aatali, n'kukusiya pomwepo. Chimene tinataya osachipezanso ndi maselo amene liwu limodzi lokha linali lakuda kwambiri kapena lofiira pakati pa chiganizo. Selo ya fomula imavala mtundu umodzi yonse, ndiye ziganizo zotere tinazigawa m'maselo awiri.

Ngati simukufuna tsamba la Mawu, mukungofuna kope limodzi lomasuliridwa, matani mawuwo ndi Paste Special, Values, osati Ctrl+V wamba imene imabwera ndi fonti ndi utoto wa kumene mwawatenga. Ndipo fayilo ipite ngati .xlsx. CSV imataya mafomula ndi maonekedwe onse, ndipo ikapanda kusungidwa ngati CSV UTF-8, Khối lượng amakafika ali ndi zizindikiro za funso m'kati.