Kubwereza Katatu ndi Mamuvu 50: Kusiyana Kwake ndi Mapemphedwe Oyenera a Dulo

Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, amapatsa wosewera tchesi njira ziwiri zothetsera masewero molepherana ngakhale mnzake asakufuna. Yoyamba, ya m'gawo 9.2, ndi pamene kakhalidwe ka bolodi kabwereranso chimodzimodzi kachitatu. Yachiwiri, ya m'gawo 9.3, ndi pamene aliyense wasewera mamuvu 50 otsatizana popanda kusuntha poni kapena kudya kanthu. Mapemphedwe ake ndi amodzi, koma chimene chimagwetsa pempho n'chosiyana.

Pa kubwereza katatu, woyimbira sawerenga mamuvu obwerezedwa koma kakhalidwe ka bolodi, ndipo sikofunika kuti kabwere motsatizana. Kuti kakhale kofanana, wosuntha akhale yemweyo, zoseweretsa zikhale pa mabwalo omwewo, ndipo mamuvu ololedwa akhale omwewo. Ngati ulendo woyamba mfumu inali ndi ufulu wa kasiling'i, kusuntha mfumu ndi ruku pa muvu imodzi, koma kenaka inasuntha n'kubwerera, kapena ngati poni ikanadyedwa mwa ani pasanti, kudyedwa ndi poni ya mdani itangoilumpha poyenda mabwalo awiri, ulendo umenewo suwerengedwa, ngakhale maso akuona bolodi limodzimodzi. Apa akatswiri omwe amapunthwa. Pa masewero a nambala 20 a mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse pakati pa Bobby Fischer ndi Boris Spassky mu 1972, Fischer anapempha dulo pamene wosuntha sanali mmodzi pa maulendo onse atatu, koma masewero anathabe chifukwa Spassky anavomera.

Tiyerekeze kuti woyera watsalira ndipo akudzipulumutsa ndi mfumukazi, pamene mfumu yakuda ili pa g8, poni yake ili pa g7, ndipo pa f7 ndi h7 palibe kanthu:

```
40. Qe8+ Kh7  41. Qh5+ Kg8
42. Qe8+ Kh7  43. Qh5+ Kg8
```

Mfumukazi yaima pa e8 kawiri, ndipo muvu ya 44 ndiyo idzakwanitse kachitatu. Woyera asaigwire. Alembe `44. Qe8+` pa pepala lake, aimitse wotchi, aitane woyimbira ndi kumuuza kuti akufuna kusewera muvu imeneyi ndipo ibweretsa kubwereza kwachitatu. Akangogwira mfumukaziyo kuti aisunthe asanapemphe, gawo 9.4 limamulanda ufulu pa muvu imeneyo, ndipo mwayi umapita kwa wakuda, amene angathe kupempha yekha kapena kusintha njira ngati ali nayo. Woyera angapemphenso pokhapokha wakuda atabwerera pa h7, poti pamenepo kubwereza kudzakhala kwachitika kale ndipo sadzafunika kulemba muvu ina.

Lamulo la mamuvu 50 silisamala za maonekedwe a bolodi. Limangofuna kuwerenga, ndipo 50 ameneyu ndi wa wosewera aliyense, kutanthauza kuti manja amasuntha ka 100. Ngati woyera anadya komaliza pa muvu ya 62, mamuvu 50 a wakuda amakwana pa 111, a woyera pa 112, choncho woyera angathe kulemba muvu ya 112 ndi kupempha asanaisewere. Poni ikasuntha kapena kanthu kakadyedwa, kuwerenga kumayambiranso, koma cheke sasintha kanthu. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti wodziteteza aike maso pa mzere wa kudya komaliza m'pepala lake nthawi yomweyo, osati kudzaufunafuna nthawi itatha.

Lamuloli limagwira ntchito kwambiri kumapeto kwa masewero, monga pamene ruku ndi bishopu akulimbana ndi ruku. Limapanikizanso wotsogola: kupha mfumu yokhayokha ndi bishopu ndi hatchi kumatenga mpaka mamuvu 33 kwa wosewera mosaphonya, choncho kuphonya kamodzi kapena kawiri kungathe kumutayitsa chipambano.

Mwa ziwirizi, ine ndimaona kuti pempho la mamuvu 50 ndi lodalirika kwambiri, chifukwa pepala lolembedwa bwino limachitira umboni mosavuta. Kubwereza katatu kumapulumutsa msanga, nthawi zina masewero ali pakati penipeni, koma kumadalira kukumbukira amene anali wosuntha ndi ufulu umene anali nawo, ndipo pamene wotchi ikuthamanga mutu umanamiza.

Pempho lolakwika lili ndi mtengo wofanana pa njira zonse ziwiri. Pa masewero a nthawi yaitali woyimbira amawonjezera mnzako mphindi ziwiri, ndipo muvu imene unalemba uyenera kuisewera ngakhale utazindikira kuti ndi yoipa. Pempholi limatengedwanso ngati kupereka dulo, choncho mnzako angathe kungolilandira.

Kuyambira mu 2014, gawo 9.6 limalamula kuti masewero athe okha kakhalidwe kakabwerera kasanu, kapena aliyense akasewera mamuvu 75 popanda kusuntha poni kapena kudya, kupatula ngati muvu yomalizayo yapha mfumu. Kachitatu ndi 50 zikakwana koma wina asanapemphe, woyimbira sanena kanthu ndipo masewero amapitirira.