On kapena nous: tisankhe liti polankhula Chifalansa?

Aliyense amene waphunzira Chifalansa m'kalasi anayamba ndi kuloweza nous sommes, nous avons, nous allons. Koma akayamba kumvetsera anthu a ku Paris, Brussels kapena Montreal akucheza, amadabwa kuti nous sakumveka kwenikweni. Chomwe chikumveka ndi on est, on a, on va. Mawu onse awiri amatanthauza "ife", ndipo onse ndi Chifalansa cholondola. Pomwe amasiyana ndi pa malo owagwiritsira ntchito, komanso pa zimene amachita kwa mawu ena m'chiganizo. Mfundo yofunika kuigwira ndi imodzi: on amalowa m'malo mwa nous pokhapokha nous akakhala mwininkhani wa chiganizo. Pena paliponse nous sasuntha, kupatula pa aneni odzichitira kapena ochitirana.

Tiyambe ndi mneni, chifukwa ndi pomwe on amapepukira. Mawuwa anachokera ku homo wa Chilatini, kutanthauza munthu, n'chifukwa chake mpaka lero mneni wake amayenda ngati wa il ndi elle, ngakhale tikunena za anthu khumi. Timati on parle, on finit, on prend. Nous ali ndi mathero akeake: nous parlons, nous finissons, nous prenons. Pa nthawi yatsopano kusiyanaku sikuvuta kwambiri, koma taonani nthawi zina. Kunena kuti "tinkaphunzira" ndi nous étudiions, ndi ma i awiri otsatizana, pomwe ndi on ndi on étudiait basi. "Tiyenera kuchita" ndi il faut que nous fassions kapena il faut qu'on fasse. Munthu amene akudziwa kale mneni wa il sasowa kuloweza china chatsopano kuti anene "ife". Cholakwa chimene chimabwera apa ndi kusakaniza ziwirizi, n'kunena on sommes kapena on allons. Zimenezo kulibe m'Chifalansa chophunzitsidwa, ndipo khutu la mwini chilankhulo limazigwira nthawi yomweyo.

Kuti kusiyana kuoneke bwino, titenge nkhani imodzi n'kuilemba kawiri. Atsikana awiri akwera sitima kuchoka ku Paris kupita ku Lyon, ndipo aiwala sutikesi m'sitimamo. Mmodzi akulembera mnzake uthenga pafoni:

On est arrivées à Lyon à midi. On a oublié notre valise dans le train. Un agent nous a aidées. On se voit demain ?

Tafika ku Lyon masana. Taiwala sutikesi yathu m'sitima. Wogwira ntchito wina watithandiza. Tionana mawa?

Yemweyo akulembera ofesi yosunga katundu wotayika:

Nous sommes arrivées à Lyon à midi. Nous avons oublié notre valise dans le train. Un agent nous a aidées. Nous vous remercions de votre aide.

Yang'anani kaye chiganizo choyamba cha uthenga wapafoni. Mneni est ndi wa munthu mmodzi, koma arrivées watha ndi e komanso s, chifukwa ofikawo ndi akazi awiri. Akanakhala amuna, kapena mwamuna ndi mkazi, akanalemba on est arrivés. Mfotokozi amachitanso chimodzimodzi: on est fatigués, on est contentes. Choncho mneni amatsata on, koma mfotokozi amatsata anthu enieni amene on akuimira. Polankhula s ameneyu samveka, ndiye vuto limaonekera polemba. Alipo olemba amene amasiya arrivé wopanda s, koma kugwirizanitsa ndi anthu enieniwo n'kovomerezeka ndipo kumathandiza wowerenga kudziwa kuti mukunena "ife".

Chiganizo chachiwiri ndi pomwe ambiri amapunthwa. Poti on amayenda ngati il, munthu amaganiza kuti umwini ukhalanso wa il, n'kulemba on a oublié sa valise. Chiganizocho n'cholondola, koma wowerenga amva kuti mwaiwala sutikesi ya munthu wina. "Yathu" amakhalabe notre, ndipo "zathu" amakhalabe nos, kaya mwayamba ndi on kapena nous. N'chimodzimodzi ndi "kwathu": on rentre chez nous. Mukanena on rentre chez soi mwasintha tanthauzo, mukunena kuti aliyense amabwerera kwawo.

Chiganizo chachitatu sichinasinthe m'makalata onse awiri, ndipo sichingasinthe. Mu un agent nous a aidées, nous ndi pamtherankhani, ndi -ti- wa mu "watithandiza". On sangakhale pamenepo. Sangabwerenso pambuyo pa avec, pour, chez kapena sans. Timati viens avec nous, c'est pour nous. Ndiye amene akuganiza kuti akaphunzira on ndiye kuti nous wamutaya, akudzinamiza. Ngakhale potsindika, mawu awiriwa amayendera limodzi: nous, on reste ici, kutanthauza kuti "ife ndiye titsala kuno". Ku Quebec mumvanso nous autres, on reste ici. Koma pa c'est nous qui, mneni amabwerera kwa nous: c'est nous qui avons payé, "ndife amene talipira".

Pali malo amodzi pomwe nous amasinthadi, ndipo ndi chiganizo chachinayi cha uthenga wapafoni uja. Aneni odzichitira kapena ochitirana, monga se voir, se lever, se dépêcher, amatenga se akakhala ndi on. Nous nous voyons demain amasanduka on se voit demain. Mukanena on nous voit, simunanene kuti "tionana", mwanena kuti "anthu akutiona". Kusiyana kwa on se connaît, "timadziwana", ndi on nous connaît, "anthu amatidziwa", n'koyenera kukuyeserera mokweza mpaka kutalowa m'kamwa, chifukwa ziganizo zonse ziwiri n'zolondola ndipo palibe amene angakukonzeni, amangomva zina.

Izi zikutifikitsa pa ntchito zina za on, zomwe nous alibe. Kwa wolankhula Chichewa n'zosavuta kuzimva, poti nafenso timati "andibera foni" osatchula wakubayo, kapena "akuti mvula igwa" osanena amene wanena. Chifalansa chimagwiritsa ntchito on pamenepa: on m'a volé mon téléphone, on dit qu'il va pleuvoir. On frappe à la porte ndi "wina akugogoda pachitseko". Au Sénégal, on parle wolof et français akunena za anthu a kumeneko, osati inu ndi anzanu. Ndipo on wa munthu aliyense, wonga wa mu quand on est fatigué, on dort mal, ndiye amene amatenga mfotokozi wopanda s, umwini wa son, sa, ses, komanso soi. Nthawi zina on amaimiranso "iwe" kapena "inu", monga namwino akafunsa wodwala kuti alors, on a bien dormi ? Kalankhulidwe aka mukamve ndi kukazindikira, koma musakathamangire. Kwa munthu wamkulu amene simunazolowerane naye kamamveka ngati mukumutenga ngati mwana.

Kuchuluka kwa matanthauzoku ndiye kufooka kwa on. On a fermé la porte angatanthauze kuti "tatseka chitseko" kapena "wina watseka chitseko". Pocheza, nkhani yomwe ili m'kamwa imathetsa chikayikocho, ndipo ngati sichinathe mumangowonjezera nous kutsogolo kapena kusintha n'kunena quelqu'un a fermé la porte. M'kalata yantchito, m'pangano kapena m'lipoti mulibe mwayi wofunsanso. Ofesi ikalemba nous avons bien reçu votre dossier, yavomera kuti ndi iyo yalandira. N'chifukwa chake nous ndiye mwini malo m'makalata a boma, m'kalata yofunsira ntchito, m'zolankhula za pamwambo ndi m'zolemba za kuyunivesite, momwe wolemba mmodzi amatha kudzitchula nous modzichepetsa. Pa mayeso, kaya a MSCE kapena a DELF, onani mtundu wa chimene mwauzidwa kulemba. Ikakhala kalata yopita ku ofesi, gwiritsani nous kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ukakhala uthenga kwa mnzanu, on akukwanira. Chomwe sichioneka bwino ndi kudumphadumpha, kuyamba ndi nous avons visité le musée kenaka on a mangé m'chiganizo chomwecho cha kalata yaulemu.

Musaganize kuti on ndi mawu achipongwe kapena a achinyamata okha. Aphunzitsi, madokotala ndi akuluakulu a makampani amawanena tsiku lonse, ngakhale kwa munthu amene akumutchula vous. Kusankha pakati pa tu ndi vous ndi nkhani ya ulemu kwa munthu amene mukulankhula naye. Kusankha pakati pa on ndi nous ndi nkhani ya mtundu wa chilankhulo, kaya n'chocheza kapena n'cholembedwa mwadongosolo. Munthu wonena nous allons au marché pakati pa anzake sanalakwe, koma amamveka ngati akuwerenga buku.

Poitanira anzanu kuti muchite kanthu, kusiyana n'komweko. Nous ali ndi lamulo lake: allons-y, partons, mangeons. On alibe, ndiye amagwiritsa ntchito chiganizo wamba kapena funso: on y va, on mange ? Allons-y amamvekabe kawirikawiri, koma mangeons pa tebulo la anzanu ndi wolemera. Pofuna kupereka ganizo mofewa pali si on ndi nthawi yakale ya -ait: si on allait au cinéma ? Ndiko kuti "bwanji tipite kukaonera kanema?"

Katchulidwe kali ndi msampha wakewake. On payekha ndi liwu limodzi lotulukira m'mphuno, n samveka. Koma mawu otsatira akayamba ndi lembo la liwu, n amatuluka n'kulumikizana nawo, choncho on a amamveka ngati "ona" wokhala ndi o wam'mphuno. Zotsatira zake n'zakuti on a ndi on n'a amamveka chimodzimodzi. Kukana mumakumvera pa pas, jamais kapena rien yemwe akubwera pambuyo pa mneni. Polemba, n' ameneyu amaiwalika ngakhale ndi eni chilankhulo, ndiye dziyeseni poika il m'malo mwa on. Ngati mungalembe il n'a pas le temps, lembaninso on n'a pas le temps. Pa plus mpamene pamavuta kwambiri. On a plus de pain ndi "tili ndi buledi wochulukirapo", ndipo s wa plus amatchulidwa. On n'a plus de pain ndi "buledi watithera", ndipo s samveka. M'kamwa chosiyanitsa ndi s yekhayo.

M'mabuku ndi m'manyuzipepala mukumananso ndi l'on, makamaka pambuyo pa si, que, où ndi et, monga si l'on veut kapena ce que l'on sait. Tanthauzo silisintha, l' amangosalaza katchulidwe ndi kukweza kalembedwe. Palibe lamulo lokukakamizani kumuika, ndipo olemba amamupewa mawu otsatira akayamba ndi l: amalemba si on le voit, osati si l'on le voit. Pocheza nenani si on ndi qu'on.